Mmene ndinkaonkhetsera mavoti a papepala la zotsatira lojambulidwa pafoni

Pachisankho cha patatu cha pa 21 Meyi 2019 ndinapemphedwa kuthandiza gulu la munthu wina amene ankapikisana nawo pampando wa phungu wa Nyumba ya Malamulo m'dera lathu. Ntchito yanga sinali yopita kumalo oponyera voti, koma kulandira zithunzi za mapepala a zotsatira zimene mamonita athu ankatumiza pa WhatsApp, n'kuona ngati manambala a papepala lililonse akugwirizana ndi chiwerengero chonse chimene chalembedwa pamenepo. Anandipatsa ntchitoyi chifukwa tsiku ndi tsiku ndimasunga mabuku a ndalama. Sinditchula dzina la munthuyo, dera lake kapena sukulu imene pepala limene ndifotokoze linachokera, chifukwa chimene ndikufuna kuonetsa ndi kaonkhetsedwe kake, kamene aliyense wokhala ndi foni, cholembera ndi kope angathe kukatsatira.

Pepala la zotsatira za malo amodzi oponyera voti linali ndi magawo awiri. La chisankho cha mtsogoleri wa dziko linkadziwika kuti Fomu 66C, ndipo la aphungu limene ine ndinkagwirirapo ntchito linakonzedwa mofanana nalo. Gawo limodzi linali la mayina a opikisana ndi mavoti amene aliyense wapeza. Gawo lina linali lofotokoza kumene mapepala ovotera apita, ndipo munkalembedwa mapepala amene analandiridwa, amene sanagwiritsidwe ntchito, amene analakwika asanaponyedwe m'bokosi, mavoti oonongeka, mavoti ovomerezeka, ndiponso mavoti onse amene anaponyedwa. Popeza malo okhala ndi anthu ambiri ankagawidwa m'magulu a ovota otchedwa masitirimu, sitirimu iliyonse inali ndi mzere wake wotsika, ndipo kumapeto kunali mzere wa chiwerengero cha malo onsewo. Izi zikutanthauza kuti nambala iliyonse ya mavoti imakhala pamphambano ya mizere iwiri, wotsika wa sitirimu ndi wopingasa wa wopikisana, ndipo mphambano imeneyi ndiyo imathandiza kwambiri pofufuza pamene palakwika.

Zinthu ziwiri zimene anthu ambiri ankazisokoneza ndi mapepala olakwika ndi mavoti oonongeka. Pepala lolakwika ndi limene wovota walakwitsa pochonga kapena lang'ambika, iye n'kulibweza kwa ogwira ntchito kuti amupatse lina, choncho silinalowe m'bokosi ndipo siliwerengedwa ngati voti. Voti yoonongeka ndi pepala limene linalowa m'bokosi koma powerenga linakanidwa, mwina chifukwa munthu anachonga anthu awiri kapena sanachonge paliponse. Mavoti onse oponyedwa ndi ovomerezeka kuphatikiza oonongeka basi, koma mapepala onse olandiridwa ayenera kufanana ndi osagwiritsidwa ntchito, olakwika, oonongeka ndi ovomerezeka mukawaphatikiza pamodzi. Zili ngati katundu wa m'golosale, pamene zimene munapikula ziyenera kufanana ndi zimene mwagulitsa, zimene zatsala pashelefu ndi zimene zasweka.

Ndisanayambe kuonkhetsa ndinkayamba ndaona chithunzicho pachokha. Ndinkafuna kuti ngodya zonse zinayi za pepala zioneke, dzina ndi nambala ya malo oponyera voti ziwerengeke, ndiponso kuti pansi pamene amasainira wamkulu wa malowo ndi mamonita paoneke. Chithunzi chodulidwa pamwamba sindinkachiwerengera n'komwe, chifukwa manambala angagwirizane bwinobwino koma osadziwika kuti ndi a malo ati kapena a chisankho chiti, poti tsiku limenelo panali mapepala atatu ofanana, la mtsogoleri wa dziko, la phungu ndi la khansala. Kuwerenga mavoti kunkachitika usiku, choncho zithunzi zambiri zinajambulidwa ndi kuwala kwa nyali kapena tochi ya foni, ndipo mapepala ena anali a kaboni amene inki yake inali yosaoneka bwino. Chinanso n'chakuti WhatsApp imachepetsa ukulu wa chithunzi potumiza, moti mukachikuza manambala amasanduka timadontho. Ndinapempha mamonita kuti azitumiza zithunzi kudzera pa Document osati pa Gallery, chifukwa njira imeneyo imafikitsa chithunzi monga mmene chinajambulidwira.

Chithunzi chikakhala chooneka, ndinkakopera manambala onse m'kope monga mmene ndikuwaonera, popanda kukonza kalikonse, ndipo pamene sindikuwerenga bwino ndinkaikapo chizindikiro cha funso. Kukopera kumeneku kumaoneka ngati kutaya nthawi, koma munthu amene akuonkhetsa akuyang'ana pafoni amangokuza ndi kuchepetsa chithunzi, ndipo n'chapafupi kudumpha mzere kapena kuwerenga nambala imodzi kawiri. Ndinkabisanso ndi chala chiwerengero chonse cholembedwa papepala mpaka nditamaliza kuonkhetsa ndekha, chifukwa diso likaona yankho msanga limayamba kukokera nambala yosaoneka bwino kuti igwirizane nalo.

Pepala limene linandiphunzitsa zambiri linachokera pasukulu ina imene inali ndi masitirimu atatu, ndipo opikisana anali asanu. Lisanafike n'komwe, monita wathu wa kumeneko, mnyamata wachangu kwambiri, anali ataimba kale foni akupuma mwabefu.

"Achimwene, atibera mavoti 60 kuno, manambala sakugwirizana," anatero.

"Musauze aliyense kaye, mungonditumizira chithunzi, ndipo pepalalo mulisunge bwino," ndinamuyankha.

Pachithunzipo pepala linali padesiki ya ana asukulu, chala chachikulu cha wojambula chikuoneka pangodya, ndipo mkwinya wa pamene pepalalo linapindidwa unadutsa ndendende pamzere wa wopikisana wachiwiri. Mu sitirimu yoyamba ndinawerenga kuti opikisana asanuwo apeza 214, 113, 96, 41 ndi 12. Nditaonkhetsa ndinapeza 476, pamene papepala panalembedwa kuti mavoti ovomerezeka ndi 536. Kusiyana kunalidi 60, monga mmene mnyamatayo ananenera.

Apa m'pamene mzere wopingasa unagwira ntchito. Ndinaonkhetsa mavoti a wopikisana aliyense m'masitirimu onse atatu n'kuyerekeza ndi chiwerengero chake chakumapeto. Anayi mwa iwo anagwirizana bwinobwino, koma wachiwiri uja, amene ndinamuwerengera 113, 186 ndi 121, anakwana 420 pamene papepala panalembedwa 480. Mzere wotsika wa sitirimu yoyamba unaperewera ndi 60, mzere wopingasa wa wopikisana wachiwiri unapereweranso ndi 60, choncho vuto linali pamalo amodzi okha pamene mizere iwiriyi ikukumana. Nditachotsa 186 ndi 121 pa 480 panatsala 173, kusonyeza kuti nambala imene inkaoneka ngati 113 inali 173, ndipo kamutu ka 7 kanabisika mumkwinya uja. Ndinayesanso ndi gawo la mapepala ovotera. Sitirimu imeneyi inalandira mapepala 800, osagwiritsidwa ntchito anali 251, olakwika 2, mavoti oonongeka 11, ndipo mukachotsa zonsezi pa 800 pamatsala 536. Umboni unachokera mbali zitatu zosiyana, koma ndinapemphabe mnyamatayo kuti awongole pepalalo ndi kujambula pafupi malo okhawo, ndipo 7 uja anaoneka bwinobwino. Iyenso anavomereza kuti anaonkhetsa kuchokera pachithunzi cha pafoni yake, osati papepala lenilenilo limene linali m'thumba mwake.

Mfundo yoyenera kuigwiritsa apa ndi yakuti malo a kusiyana amauza munthu mtundu wa cholakwika. Mzere wotsika ndi wopingasa zikasiyana ndi nambala yofanana, ndiye kuti nambala ya pamphambano yalembedwa kapena yawerengedwa molakwika. Koma mzere wotsika wokha ukasiyana pamene yopingasa yonse ikugwirizana, ndiye kuti mavoti a opikisana ali bwino, ndipo cholakwika chili pa chiwerengero chonse cholembedwacho.

Zimenezi n'zimene zinachitika mu sitirimu yachiwiri ya pepala lomweli. Opikisana anapeza 198, 186, 88, 37 ndi 9, zimene zimakwana 518, koma pamalo a mavoti ovomerezeka panalembedwa 532 moonekeratu, popanda mkwinya kapena mthunzi. Mizere yopingasa yonse inali itagwirizana kale, choncho sindinakayikire manambala a opikisana. Kusiyana kunali 14, ndipo nditayang'ana manambala ena a sitirimuyo ndinapeza kuti mavoti oonongeka analinso 14. Amene ankalemba anaphatikiza mavoti oonongeka ndi ovomerezeka n'kulemba yankho lake pamalo a ovomerezeka, kenako n'kulembanso 532 yemweyo pamalo a mavoti onse oponyedwa, pamene pokhapo ndi pamene anayenera kukhala. Gawo la mapepala ovotera linatsimikiza zimenezi, chifukwa 265 osagwiritsidwa ntchito, 3 olakwika, 14 oonongeka ndi 532 zimakwana 814, kuposa mapepala 800 amene sitirimuyo inalandira, pamene mukaika 518 m'malo mwa 532 zimakwana 800 ndendende. Cholakwikachi chinayenda mpaka kumzere wakumapeto, kumene mavoti ovomerezeka a malo onse analembedwa 1,447 m'malo mwa 1,433. Munthu wosadekha akanawerenga zolakwika ziwiri, pamene chinali chimodzi chimene chinaonekera pawiri.

Palibe wopikisana amene anataya kapena kupeza voti pa cholakwika chimenechi, komabe ndinachilemba m'kope pamodzi ndi dzina la malo, sitirimu yake, nambala yolembedwa ndi nambala imene ndinapeza. Ndinatero chifukwa pepala lotere likafika kumalo ophatikizira zotsatira limakafunika kufotokozedwa, ndipo ngati wina angalikonze m'njira, kope lathu ndi chithunzi chathu ndizo zingasonyeze mmene linalili litangosainidwa.

Kusokoneza mavoti ovomerezeka ndi mavoti onse oponyedwa sikuchitika pamalo ang'onoang'ono okha. Pachisankho chachibwereza cha mtsogoleri wa dziko cha pa 23 Juni 2020, a Lazarus Chakwera anapeza mavoti 2,604,043, a Peter Mutharika 1,751,877 ndipo a Peter Kuwani 32,456. Mukaonkhetsa manambala atatuwa mumapeza 4,388,376, koma chiwerengero cha mavoti onse oponyedwa chinali 4,445,699, ndipo kusiyana kwake, 57,323, ndi mavoti oonongeka. N'chifukwa chake malipoti ena amati a Chakwera anapeza 58.57 peresenti pamene ena amati 59.34 peresenti. Onsewa akunena za mavoti omwewo, kungoti oyambawo akugawa ndi mavoti onse oponyedwa ndipo enawo akugawa ndi ovomerezeka okha. Choncho musananene kuti manambala sakugwirizana, muyambe mwawerenga mawu olembedwa pambali pa chiwerengerocho kuti mudziwe ngati chikunena za mavoti ovomerezeka kapena onse.

Kukula kwa kusiyana nakonso kumalozera kumene munthu angayang'ane, ndipo izi osunga mabuku a ndalama amazidziwa bwino. Kusiyana kwa 6, 60 kapena 600 kawirikawiri kumachokera pa kusokoneza 1 ndi 7, kapena 0 ndi 6. Kusiyana kwa 5 kapena 50 kumachokera pa 3 ndi 8, kapena 4 ndi 9, makamaka pamapepala a kaboni pamene mbali ya nambala sinadindike. Kusiyana kwa 10 kapena 100 ndendende nthawi zambiri kumasonyeza kuti woonkhetsa anaiwala kunyamula imodzi kupita nayo kumzere wotsatira. Ndipo kusiyana kukagawika ndi 9 popanda chotsala, ndi bwino kufufuza ngati manambala awiri oyandikana sanasinthane malo pokopera, monga 480 kulembedwa 408, pamene kusiyana kwake ndi 72. Njira zimenezi sizitsimikiza kanthu pazokha, zimangofupikitsa kufufuza, ndipo chimene mwachiganizira chiyenera kutsimikizidwa ndi mzere wina kapena ndi chithunzi china chooneka bwino. Ngati fomuyo ili ndi malo olembapo mavoti m'mawu, muziwerenganso pamenepo, chifukwa mawu savuta kuwerenga ngati nambala yolembedwa mothamanga.

Mapepala akachuluka, kope lokha limachedwetsa. Mnzanga amene anali ndi kompyuta ankalowetsa manambala mu Excel, mavoti a opikisana asanu kuyambira B2 mpaka B6 ndipo chiwerengero cholembedwa papepala mu B7, kenako pansi pake n'kulemba izi:

```
=SUM(B2:B6)-B7
```

Yankho likakhala 0 ndiye kuti sitirimuyo yagwirizana. Chofunika ndi chakuti mu B7 mulowe nambala imene ili pachithunzi, osati imene kompyuta yaonkhetsa yokha, apo ayi ndiye kuti mukuyerekeza yankho ndi yankho lomwelo ndipo lidzagwirizana nthawi zonse.

Pali malire a ntchito imeneyi amene ndimafuna kuti aliyense awamvetse, chifukwa ndinaona anthu akukhulupirira masamu mopitirira muyeso. Pepala limene manambala ake akugwirizana si umboni wakuti zotsatira zake ndi zoona. Munthu atachotsa mavoti 50 kwa wopikisana woyamba n'kuwapereka kwa wachiwiri, kenako n'kukonzanso ziwerengero zawo zakumapeto, mzere wotsika udzakwanabe 536, mizere yopingasa idzagwirizana, ndipo gawo la mapepala ovotera silidzasonyeza kanthu. Kunena zoona, wakuba wodekha amasiya pepala logwirizana bwino kuposa mphunzitsi wotopa amene wakhala akuwerenga mavoti mpaka pakati pa usiku. Chimene chingagwire kusintha kotere si kuonkhetsa, koma kuyerekeza mapepala awiri a malo omwewo ochokera m'manja osiyana, monga la monita wanu ndi la monita wa chipani china, kapena chithunzi chojambulidwa atangosaina ndi zotsatira zimene zalengezedwa pambuyo pake. N'chifukwa chake sindinkafufuta chithunzi chilichonse, ngakhale chosaoneka bwino, ndipo ndinkalemba nthawi imene chafika ndi amene watumiza.

Pa chifukwa chomwechi ndinkayang'anitsitsa pamene pafufutidwa, pamene nambala yalembedwa pamwamba pa inzake, ndi pamene papakidwa tipeksi. Pachithunzi tipeksi amaoneka ngati kachigamba koyera kuposa pepala lonse, nthawi zambiri kophimba mzere wosindikizidwa, ngakhale kuti kuwala kwa tochi nakonso kumatha kuoneka chimodzimodzi, moti pamafunika chithunzi china chojambulidwa mopendeka pang'ono kuti musiyanitse. Zinthu zimenezi si zazing'ono. Pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu a khothi loona za malamulo oyendetsera dziko anathetsa zotsatira za chisankho cha mtsogoleri wa dziko cha 2019, ndipo zina mwa zifukwa zake zinali kugwiritsa ntchito tipeksi, kusintha manambala pamapepala a zotsatira, kugwiritsa ntchito mafomu a dupuliketi ndi mafomu osasainidwa. Khothi lalikulu la apilo linagwirizana ndi chigamulochi pa 8 Meyi chaka chomwecho. Choncho pepala lokhala ndi tipeksi ndinkalilemba padera ngakhale manambala ake atagwirizana, chifukwa kugwirizanako kungakhale kuti kunabwera pambuyo pa kukonzako.

Panali mapepala ena amene kusiyana kwake sikunafotokozeke ndi njira iliyonse mwa zimene ndatchulazi. Pa otere sindinkalosera nambala yoona, ndipo sindinkagawira opikisana mavoti osowawo kuti zigwirizane. Ndinkayamba ndapempha chithunzi china, kenako ndinkapempha monita kuti andiwerengere manambalawo pafoni kuchokera papepala lenileni, mmodzimmodzi, ine ndikuchonga m'kope. Kusiyana kukapitirirabe ndinkalemba lipoti lachidule lonena kuti pamalo akutiakuti, sitirimu yakuti, mavoti a opikisana akukwana mwakuti pamene papepala palembedwa mwakuti, ndipo kusiyana kwake ndi kwakuti. Mawu akuti kubera sindinkawalemba, chifukwa chithunzi chimasonyeza kuti manambala asiyana koma sichisonyeza amene anachita kapena cholinga chake. Lipotilo pamodzi ndi chithunzi chosasinthidwa ndinkazipereka kwa amene ankaimira gulu lathu kumalo ophatikizira zotsatira za dera lonse, kuti akapereke dandaulo lolembedwa zotsatira zisanalengezedwe, ndi kupempha kuti buku limene ogwira ntchito ankalembamo zochitika za sitirimuyo liyerekezedwe ndi pepalalo.